Dongo ndi matope m'manja mwa ana a zaka 3 mpaka 5: kakonzedwe, kaumbidwe ndi kupewa ngozi

Ng'ombe yadothi ikathyoka miyendo isanaume n'komwe, akuluakulu amathamangira kunena kuti mwanayo sanadziwe kuumba. Nthawi zambiri mlandu si wa mwana, ndi wa dongo: linali ndi mchenga wambiri, kapena silinakandidwe, kapena analiyanika padzuwa la masana. N'chimodzimodzi ndi matenda. Mwana akatsegula m'mimba atasewera ndi matope, chomwe chamudwalitsa si dothi lenilenilo koma zomwe zinali m'dothimo, ndipo zimenezo zimadalira malo amene munakumba. Choncho ntchito yaikulu ya kholo kapena mlezi wa kusukulu ya mkombaphala imachitika mwana asanakhudze dongo.

Kokumba ndi kosayenera kukumba

Njira yachidule ndi kufunsa amayi oumba mbiya m'dera lanu kuti mtapo wawo uli kuti. Iwo anayesa kale dothi la malo ambiri ndipo akudziwa lomwe limamvera dzanja. Ngati kulibe oumba, yang'anani m'mphepete mwa dambo, pamene nthaka imang'aluka m'chilimwe, kapena pachulu chakale. Makande akuda a kudambo ndi onona kwambiri, amaumbika bwino koma amang'aluka akamauma. Katondo wofiira nthawi zina amakhala wokhakhala ndipo amathetheka mukamupinda. Dothi la pachulu limakhala losalala chifukwa chiswe chimatuta tinthu ting'onoting'ono kuchokera pansi, koma funsani kaye ngati chulucho sanathiremo mankhwala ophera chiswe. Ngati anathira, chisiyeni.

Kulikonse kumene mwasankha, palani dothi la pamwamba ndi kulitaya pambali, mukumbe mpaka masentimita 30 kapena kupitirira. Dothi la pamwamba ndilo limakhala ndi mizu, zinyalala zoola, ndowe ndi mazira a njoka za m'mimba. Mazira amenewa amatha kukhala amoyo m'dothi lonyowa kwa zaka, ndipo saoneka ndi maso. Pa chifukwa chomwecho, musakumbe pafupi ndi chimbudzi, khola, dzala kapena ngalande yochokera kubafa. Tengani muyeso umene azaumoyo amapereka pakati pa chimbudzi ndi chitsime, mamita 30, ndipo malo anu akhale kumtunda kwa zinthu zimenezi, osati kumunsi kumene madzi a mvula amakokololera zonse. M'tauni onjezani malo okonzera galimoto ndi pamene amatayira mabatire, chifukwa dothi la pamenepo limamwa oyilo ndi mtovu, ndipo mtovu suchoka ngakhale muwiritse motani.

Kukumba ndi ntchito ya akuluakulu okha. Dzenje la mtapo limene anthu afukula chammbali limagumuka mosachenjeza, ndipo maenje oumbira njerwa amadzaza madzi mvula ikayamba.

Musanasenze ndowa yonse, liyeseni pomwepo. Nyowetsani kadothi kodzaza dzanja, mukakande, mukakulunge kakhale ngati soseji yonenepa ngati chala chanu, kenako mukazunguze pa chala. Kakapindika osathyoka, ngakhale kataonetsa timing'alu tating'ono kunja, ndi dongo labwino. Kakathyoka musanamalize kuzunguza, mchenga wachuluka. Kakamata m'manja ngati phula n'kukana kuchoka, n'konona mopitirira, koma limenelo lili ndi njira yolikonzera yomwe tiione kutsogoloku. Dongo lamchenga ndilo lovuta kulikonza, ndipo ndi bwino kungosamukira pena.

Kukonza dongo la ana 12

Titenge chitsanzo cha sukulu ya mkombaphala ya ana 12 ndi alezi awiri. Mwana mmodzi amafuna mpira wa dongo waukulu ngati lalanje, magalamu 250 kapena pafupi pamenepo. Ana 12 ndiye kuti makilogalamu atatu. Konzani asanu, chifukwa lina limagwa pansi, lina limauma, ndipo pali ana ena amene amafuna lowonjezera. Theka la ndowa ya malita 20 la zibuma zouma ndi lokwanira ngakhale mutataya miyala ndi mizu. Ntchito yonse imatenga pafupifupi sabata, choncho siyoyamba dzulo lake.

Yambani ndi kuyanika. Phwanyani zibuma zikhale ngati mtedza, muziyale pa saka padzuwa masiku awiri kapena atatu mpaka ziume gwa. Zimaoneka ngati kubwerera m'mbuyo, kuumitsa chinthu chimene mukufuna chinyowe, koma chifukwa chake n'chakuti dongo louma kwambiri limasungunuka lokha m'madzi mu maola ochepa, pomwe lonyowa pang'ono limakana madzi n'kukhala nthuli zolimba masiku ambiri. Pophwanya, ana akhale kutali ndipo mphepo ikhale kumsana kwanu. Fumbi la dongo lili ndi timchenga tosaoneka timene timawononga mapapo munthu akamalipuma kawirikawiri. Musagwiritse ntchito mtondo wosinjira chakudya.

Likauma, liikeni mu ndowa yachitsulo kapena m'chidebe chakale, muthiremo madzi owira mpaka amize dothi lonse ndi kupitirira ndi zala zinayi. Madzi owira amapha mazira ambiri a njoka za m'mimba ndi tizilombo tina, makamaka mukatereka chidebecho pamoto kuti phalalo libwate mphindi zingapo. Koma musadzinamize kuti dongo layera ngati chakudya. Tizilombo ta kafumbata sitifa ndi kuwira wamba, ndiye malamulo a mabala ndi kusamba m'manja amakhalapobe. Vundikirani, musiye usiku wonse pamalo amene ana safika.

M'mawa vundulani ndi mtengo mpaka likhale ngati phala la madzimadzi, mulisefere mu ndowa ina pogwiritsa ntchito sefa yakale ya ufa. Apa ndi pamene miyala, minga, mizu ndi magalasi osweka zimatsalira, ndipo n'chifukwa chake gawo ili si lolumpha. Neti ya udzudzu musasefere, ili ndi mankhwala. Siyani phalalo tsiku limodzi lidikhe, mutsanule madzi oyera a pamwamba, kenako muyale lotsalalo pa saka kapena pa chiguduli choyera pamthunzi, kukhuthala kwake ngati zala ziwiri. Mu Okutobala limalimba tsiku limodzi kapena awiri. Nthawi ya mvula lingatenge anayi. Lakonzeka pamene mukulidina ndi chala, chala chikusiya dzenje koma chikutuluka choyera.

Tsopano kukanda. Ikani pa thabwa, mukanikize ndi zikhatho, mupinde, mutembenuze, monga amakandira ufa wa mandasi, kwa mphindi khumi. Cholinga n'chakuti chinyezi chifanane paliponse ndi kuti mpweya utuluke. Dulani pakati ndi ulusi muone: mukapeza timabowo kapena mizere ya louma ndi lonyowa, pitirizani.

Dongo lonona lija limakonzedwa pano. Pangani kachitumbuwa kophwatalala kokhuthala sentimita imodzi, mujambulepo mzere wa masentimita 10 ndi rula, mukasiye kaume pamthunzi. Dongo lililonse limafota madzi akamatuluka. Mzere ukatsika kufika pa 9.5 kapena pafupi, palibe vuto. Ukatsika kufika pa 9 kapena kutsikirapo, ndipo kachitumbuwako kapindika kapena kang'aluka, sakanizani kapu imodzi ya mchenga wosalala wotsuka pa makapu anayi kapena asanu a dongo, mukandenso. Mchenga sufota, ndiye umagwira dongo kuti lisadzikoke kwambiri, komanso umatsegula tinjira toti madzi a m'kati atulukire. Oumba mbiya ena amasinja mapale akale m'malo mwa mchenga pa chifukwa chomwechi. Musapitirize muyeso, chifukwa mukachulutsa mchenga mubwerera ku vuto loyamba lija la dongo lothetheka.

Sungani mipira ya dongo m'jumbo, muikulunge ndi nsalu yonyowa, muike mu ndowa yovundikira. Majumbo akhale m'manja mwa alezi, osati ana. Dongo likachita chuku kapena likayamba kununkha ngati zoola, litayeni, makamaka ngati pali mwana wa mphumu.

Zimene manja a msinkhu uwu angathe

Mwana wa zaka zitatu saumba chinthu, ndipo palibe chifukwa chomukakamiza. Iye amamenya dongo, kulibowola ndi chala, kulinyotsola ndi kuliunjikanso. Mukamufunsa kuti "ukuumba chiyani?" amangotchula chilichonse kuti akusangalatseni. Mupatseni mpira waukulu wofewa ndipo mumusiye. Timipira ting'onoting'ono sitimuthandiza, chifukwa mphamvu zake zikadali m'chikhatho ndi m'phewa, m'nsonga za zala sizinafike. Mphindi 10 kapena 15 zimamukwanira.

Wa zaka zinayi amayamba kukulunga njoka pa thabwa ndi mipira pakati pa zikhatho, ndipo amatchula dzina la chinthu atachimaliza. Wa zaka zisanu amayamba ndi cholinga: akufuna ng'ombe, mphika, galimoto kapena foni, ndipo amakhumudwa zikakanika. Ameneyu ndiye wofunika kumuonetsa njira, ndipo angakhalepo mphindi 30. Misinkhu imeneyi si malire olimba, ana amasiyana.

Mlezi akhale pansi ndi dongo lake, aumbe pang'onopang'ono ana akuona, m'malo molanda cha mwana kuti amukonzere. Mukangomukonzera kamodzi, ena onse amatambasula manja kuti "aphunzitsi, ndipangireni", ndipo mapeto ake ng'ombe 12 zonse waumba ndi munthu mmodzi.

Kamphika ndiko koyambira. Mwana akulunge mpira wokwana m'dzanja lake, alowetse chala chachikulu pakati osabowola kunsi, kenako azitsina khoma pakati pa chala chachikulu ndi zinazo akutembenuza pang'onopang'ono. Ana amakonda kutsina mlomo wokha mpaka upyapyale ngati pepala pamene pansi pali pokhuthala. Kamphika kotere kamang'aluka pamlomo chifukwa mlomowo umauma ndi kufota msanga pansi pakadali ponyowa. Auzeni kuti ayambe kutsina pansi n'kumakwera, ndipo khoma likhale lonenepa ngati chala chawo chaching'ono. Timing'alu tikaoneka pamlomo, anyowetse chala chimodzi n'kusalaza. Chala chimodzi basi. Mwana akapatsidwa beseni amathira madzi m'kamphikamo, khoma limafewa n'kugwa. N'chifukwa chake pa ana anayi alionse pamafunika kambale kamodzi kokhala ndi kansalu konyowa, osati madzi oima.

Ng'ombe ndiyo imavuta, ndipo vuto lake ndi limodzi. Ana amaumba thupi payekha, miyendo inayi payokha, n'kuzigunditsa. Zikadali zonyowa zimaoneka ngati zagwirana, koma pouma chidutswa chilichonse chimafota chokha n'kudzikoka, ndiye miyendo imagwa. Njira yolimba ndi kutulutsa zonse mu mpira umodzi. Mwana akulunge dongo likhale ngati mbatata yaifupi, atsine mbali imodzi kuti patuluke khosi ndi mutu, atsine pamwamba kuti patuluke linunda, kenako akoke timiyendo tinayi kunsi, tatifupi ndi tonenepa ngati chala chachikulu. Miyendo yaitali yowonda singanyamule thupi lonyowa. Nyanga nazo azitsine kuchokera pamutu. Ana akuluakulu amakonda kubaya minga kuti ikhale nyanga, koma pa msinkhu uwu minga, misomali ndi mawaya zisapezeke pamalopo. Ngati pali chofunika kulumikiza, monga chogwirira cha kapu, akande mbali zonse ziwiri ndi kamtengo kobuntha, apake phala la dongo, akanikize, n'kusalaza mzere wa polumikizapo mpaka usaoneke.

Zida zina zokwanira ndi chitsononkho chodindira mizere, supuni yakale, masamba ndi zivundikiro zikuluzikulu za mabotolo a mafuta ophikira. Nyemba, chimanga, timiyala ndi mikanda zopangira maso ndi zokongola, koma ana a msinkhu uwu amaziika m'mphuno ndi m'makutu. Maso angabowoledwe ndi kamtengo.

Kuyanika

Zoumba ziume pamthunzi, pamalo opanda mphepo yambiri, monga pakona ya khonde kapena m'kalasi pa thabwa. Padzuwa, kunja kumauma ndi kufota m'kati mukadali monyowa, ndipo khungu la kunjalo limang'ambika. Mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julayi imachita zomwezo ngakhale kukuzizira. Tsiku loyamba phimbani ndi nsalu kapena masamba a nthochi, tsiku lachiwiri muzitembenuze kuti kunsi kuume. Tinthu ta ana timauma pa masiku atatu mpaka asanu ndi awiri malinga ndi nyengo. Kuti mudziwe, kagunditseni patsaya: kakamazizira, m'kati mukadali madzi.

Pa msinkhu uwu kuwotcha n'kosafunika kwenikweni. Dongo limasanduka phale losasungunuka pokhapokha litapsa kufika pa madigiri 600 kapena kupitirira, ndipo kanthu konenepa komwe sikanaume bwino kamaphulika pamoto chifukwa madzi a m'kati amasanduka nthunzi n'kusowa potulukira. Ana asaike zoumba zawo pa mbaula kapena pamafuwa. Ubwino wa dongo losawotcha ndi wakuti silitha: zimene ana sakuzifunanso mumaziphwanya, kuziviika, ndipo sabata yamawa ndi mipira yatsopano. Muwafunse kaye eni ake musanaphwanye. Tiziwiya timeneti si todyera kapena kumwera.

Matope

Matope ndi masewera ena. Alibe choumba chosunga, ndi ophika nsima ya masanje, kumata tinyumba, kukumba ngalande ndi kutseka madamu. Ana adzasewera nawo ndithu, mufune musafune, ndiye nzeru ndi kuwakonzera malo m'malo mowasiya pa chithaphwi cha kuseri kwa bafa.

Sankhani malo a mthunzi, mamita awiri m'litali ndi awiri m'lifupi, okwanira ana asanu kapena asanu ndi mmodzi nthawi imodzi. Palani dothi la pamwamba, muthirepo mawilibala awiri kapena atatu a dothi la pansi losefa losakaniza ndi mchenga, pafupifupi magawo awiri a dothi pa gawo limodzi la mchenga, kuti lisaterere kwambiri. Madzi akhale a pamjigo kapena pampopi, malita 5 mpaka 10, ndipo muwathire m'dothi mpaka alowerere. Madzi a kudambo kapena kumtsinje wodikha, kumene kumakhala nkhono, angakhale ndi tizilombo ta likodzo tomwe timalowera pakhungu. Masewera akatha, gwetsani madamu onse kuti pasatsale chithaphwi choswera udzudzu, musiye pauma, kenako muphimbe ndi mphasa yakale kapena masaka opsinja ndi njerwa. Chophimbacho n'choletsa amphaka, agalu ndi nkhuku kuchitirapo chimbudzi. M'mawa uliwonse mlezi avundukule yekha ndi kupalasa ndi khasu, chifukwa pansi pa chophimba ndi pamene zinkhanira ndi linthumbu zimakonda.

Nkhani ya nsapato ili ndi mbali ziwiri. Mtundu wina wa njoka za m'mimba umalowera kuphazi, ndipo matekenya amakhala m'fumbi louma, choncho popita ndi pobwera ana avale nsapato. M'bwalo lokonzedwa bwino, lophimbidwa, la dothi la pansi, angavule, ndipo asambe mapazi ndi sopo akatuluka. Mwana akakodzera kapena kuchita chimbudzi m'bwalomo, fosholoni dothi la pamenepo ndi lozungulira, mukalitaye m'chimbudzi.

Malamulo a tsiku la masewera

Ngozi yaikulu pa masewerawa si dothi, ndi ndowa. Mwana wamng'ono akaweramira mu ndowa ya malita 20 n'kugweramo chamutu sangathe kudzitulutsa, ndipo amamira m'madzi ochepa kwambiri popanda phokoso. Ndowa, mabeseni ndi migolo zikhale zovundikira kapena zopanda kanthu, ndipo mlezi mmodzi asachoke pamalopo ngakhale kwa mphindi imodzi. Ndi ana 12 ndi alezi awiri, gawani magulu awiri, aliyense ayang'ane ake asanu ndi mmodzi.

Musanayambe, onani manja ndi mapazi. Zikhadabo zikhale zowenga, chifukwa dothi limabisala mmenemo n'kukafika pakamwa nthawi ya phala. Mwana wa bala losapola, zilonda, mphere, maso ofiira kapena amene akutsegula m'mimba apatsidwe masewera ena tsiku limenelo. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe ndipo timalowera pabala. Katemera amene ana amalandira kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14 amateteza ku matendawa, ndiye ndi bwino alezi kuona m'buku la kuchipatala la mwana aliyense polembetsa. Wina akachekeka akusewera, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda mpaka dothi lonse lichoke, mumange ndi nsalu yoyera. Musathirepo dothi, phulusa kapena ndowe. Bala lakuya, monga la msomali kapena munga, lipite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa anawo malamulo akhale atatu okha, oti angathe kuwanena pamtima: dongo silidyedwa, siliponyedwa, ndipo manja amatope sagwira m'maso. Matope akalowa m'diso, mwana asatikite. Mupendeketseni mutu, muthire madzi oyera pang'onopang'ono kuchokera cha kumphuno kupita kunja kwa mphindi zingapo. Akamalirabe kapena akakana kutsegula diso, pitani naye kuchipatala. Kanthu kakalowa m'mphuno kapena m'khutu musakatokose ndi kamtengo, mumangokakankhira m'kati.

Kulawa dongo kamodzi n'kulavula si nkhani, mutsukeni m'kamwa basi. Koma mwana amene amadya dothi mobwerezabwereza, mobisa, ndipo zikhatho ndi m'kati mwa zikope zake n'zotuwa, angakhale ndi vuto la kuchepa magazi. Ameneyo safuna chikwapu, afuna kukayezedwa magazi ndi kulandira mankhwala a njoka za m'mimba ngati achipatala aona choncho.

Pomaliza, kusamba kukhale kawiri. Koyamba ana apukute matope ambiri ndi nsalu yonyowa kapena madzi a m'kapu, kenako asambe ndi sopo pa madzi oyenda, a mpondagiya kapena othiridwa ndi jagi, kwa masekondi 20, mpaka m'zigongono ndi pakati pa zala. Beseni limodzi la onse limangopatsa mwana womaliza litsiro la anzake 11. Madzi a dongo musawathire mu sinki, chifukwa dongo limadikha m'paipi n'kuitseka. Matabwa ndi pansi pukutani ndi nsalu yonyowa dongo lisanaume, ndipo ngati lauma kale, wazani madzi musanasese. Phala liperekedwe aliyense atasamba ndipo mlezi waona zikhadabo za mwana aliyense.